Mankhwala a m'maso: dontho limodzi, mphindi zisanu ndi kabotolo kaukhondo

Pawindo lolandirira mankhwala pachipatala sipakhala nthawi yokambirana zambiri. Mzere umakhala wautali, ndipo wopereka mankhwala amangonena mwachidule kuti awa muzidontheza kanayi pa tsiku, awa muzipaka pogona, n'kuitana wotsatira. Munthu amafika kunyumba ali ndi timabotolo tiwiri ndi kachubu kamodzi. Mafunso enieni amayamba akakhala pansi kuti athire. Ndiyambe ndi ati? Ndithire madontho angati? Ndithire onse pakamodzi? Nanga mkamwamu bwanji mukuwawa, chikhalirecho mankhwala ndathira m'diso?

Mayankho a mafunso onsewa amachokera pa mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti diso lili ndi malo ochepa kwambiri olandirira mankhwala, ndipo siliwasunga nthawi yaitali. Yachiwiri ndi yakuti kabotolo kakangotsegulidwa, kamlomo kake kamakhala khomo lolowera tizilombo toyambitsa matenda. Amene wamvetsa ziwirizi savutika kukumbukira zina zonse, chifukwa amadziwa chimene akuchitira.

Chifukwa chake dontho limodzi limakwana

Mukakokera pansi chikope cham'munsi, pakati pa chikopecho ndi diso pamatseguka kathumba kofiirira. M'kathumba kameneka ndimo muyenera kugwera mankhwala. Malo ake ndi ochepa moti dontho limodzi lotuluka m'kabotolo limakadzaza, kawirikawiri n'kusefukira. N'chifukwa chake ngakhale mutathira bwino, timadzi tina timatsikira patsaya. Izi sizitanthauza kuti mankhwala sanalowe. Alowa, ndipo otsalawo asowa pokhala.

Anthu ambiri amati dontho limodzi lichepa, diso lafiira kwambiri, bola atatu. Kuteroko kuli ngati kuthira madzi m'kapu yodzaza kale. Dontho lachiwiri ndi lachitatu silifika pamene pali matenda, limangotayika, ndipo mankhwala amatha msanga. Kabotolo ka mamililita 5, omwe ndi muyezo wa kasupuni kamodzi ka tiyi, kamakhala ndi madontho opitirira 100. Munthu wothira dontho limodzi kanayi pa tsiku m'diso limodzi akhoza kufika nako pafupifupi milungu inayi. Wothira awiriawiri amakapeza kouma pakangotha milungu iwiri, mankhwala asanamalize ntchito yake. Choncho ngati adokotala sananene mosiyana, thirani dontho limodzi. Likagwera pachikope kapena patsaya osalowa m'diso, pamenepo ndiye mubwereze lina limodzi.

Diso silisunganso madzi. Pangodya ya diso ya kufupi ndi mphuno pali timabowo tiwiri tating'onoting'ono, kena pachikope chapamwamba, kena pachikope cham'munsi. Misozi imalowa m'timabowoti n'kutsikira m'mphuno kudzera m'kanjira kobisika, ndiye chifukwa chake munthu akamalira amatulukanso mamina. Mankhwala amatsata njira yomweyo. Tikaphethira, zikope zimakankhira madziwo m'timabowo tija, moti pakapita mphindi zochepa mbali yaikulu ya dontho imakhala itachoka m'diso. Kuwawa kumene ena amamva kukhosi atathira mankhwala m'maso kumachokera pamenepa.

Kathiridwe kake

Yambani ndi kusamba m'manja ndi sopo, n'kupukuta ndi kansalu koyera kapena kungodikira kuti muume. Werengani dzina lolembedwa pakabotolo nthawi iliyonse musanatsegule. Timabotolo ta mankhwala a m'makutu, ena a pakhungu ngakhalenso timachubu ta guluu womatira timafanana kwambiri ndi ta m'maso, ndipo munthu wodwala maso amakhala kuti sakuona bwino kale. Ngati m'maso muli manthongo, achotseni kaye ndi thonje loviika m'madzi owiritsa amene azirala, kuyambira kufupi ndi mphuno kupita kunja. Thonje lililonse lipukute kamodzi kokha n'kutayidwa, ndipo la diso lino lisapite ku diso linalo.

Mukatsegula, ikani chitsekero chagada kapena chogonera m'mbali pamalo oyera, kukamwa kwake kusakhudze tebulo. Khalani pampando n'kupendekera mutu kumbuyo, kapena gonani chagada. Ndi chala chimodzi kokerani pansi chikope cham'munsi, maso ayang'ane kudenga. Dzanja logwira kabotolo litsamire pachipumi kapena pamwamba pa dzanja linalo kuti lisanjenjemere, ndipo kamlomo kakhale pamwamba pa kathumba kaja motalikirako pang'ono, ngati kunenepa kwa chala chimodzi kapena ziwiri. Finyani pang'ono kuti dontho ligwe lokha. Musalunjike pakati pa diso pakuda paja, chifukwa pamenepo m'pamene pamamva kwambiri ndipo diso limatsinzina lokha.

Dontho likagwa, siyani chikope, tsekani diso mofatsa, osafinya zikope komanso osaphethiraphethira. Kenako ikani nsonga ya chala pangodya ya diso m'mbali mwa mphuno, n'kusindikiza pang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Chalacho chitsamire ku fupa la mphuno, osati padiso lenilenilo. Potero mumatseka kanjira ka misozi kaja, mankhwala amakhalitsa m'diso, ndipo ochepa okha ndi amene amatsikira m'mphuno. Mukamaliza pukutani otsalira patsaya, tsekani kabotolo nthawi yomweyo, n'kusambanso m'manja.

Kusindikiza kumeneku ambiri amakudumpha, koma pa mankhwala ena n'kofunika zedi. Mankhwala akafika m'mphuno amalowa m'magazi mosavuta. Timololo, amene amapatsidwa kwa odwala gulakoma kuti achepetse kupanikizika kwa madzi a m'kati mwa diso, ndi a m'gulu limodzi ndi mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi. Akalowa m'magazi akhoza kuchedwetsa kugunda kwa mtima ndi kubanikitsa munthu wa mphumu. Wodwala mphumu kapena mtima ayenera kunena zimenezi adokotala asanamulembere timololo, ndipo aliyense wowagwiritsa ntchito azitseka kanjirako nthawi zonse.

Mankhwala akakhala angapo

Ngati mwapatsidwa mitundu iwiri kapena itatu ya madontho, pakati pa mtundu wina ndi unzake pazidutsa mphindi zosachepera zisanu. Mukathira wachiwiri nthawi yomweyo, umatsuka woyamba usanalowerere, nawonso n'kusungunuka, ndipo mumapezeka kuti mwathira mitundu iwiri koma palibe umene wagwira mokwanira. Mphindi zisanu zimaoneka zazitali munthu akakhala ndi changu cha kumunda kapena ku ntchito, choncho ndi bwino kuyang'ana pa wotchi kapena pafoni kusiyana n'kungoyerekeza. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndondomeko yake imatsata kulimba kwa mankhwalawo. Oyera ngati madzi amayamba. Amatsatira ndi ooneka ngati mkaka, amene amakhala ndi timibulu ta mankhwala tomwe timadikha pansi pa kabotolo. Amenewa ayenera kukhutchumulidwa bwino nthawi iliyonse musanathire, apo ayi masiku oyamba mumathira madzi okhaokha, mankhwala enieni atatsalira pansi. Kenako pamabwera onanda, ndipo opaka amafuta a m'kachubu amakhala omaliza nthawi zonse. Mafuta amayala kansalu kopyapyala pamwamba pa diso, ndipo madzi sadutsa m'mafuta. Dontho lothiridwa pambuyo pa mafuta limangotsetsereka n'kutayika.

Tiyerekeze agogo amene achotsedwa ng'ala m'diso lakumanja ndipo akusamalidwa ndi mdzukulu wawo. Kuchipatala awapatsa madontho a kuloramufenikolo opha tizilombo, kanayi pa tsiku. Madontho a puredinisoloni ooneka ngati mkaka, ochepetsa kutupa, kanayinso pa tsiku. Ndi mafuta a tetirasaikilini opaka pogona. Kanayi pa tsiku sikutanthauza kudzuka pakati pa usiku. Ndi kugawa mofanana maola amene munthu ali maso, mwachitsanzo 6 koloko m'mawa, 11 koloko, 4 koloko masana ndi 9 koloko usiku.

M'mawa mdzukulu amasamba m'manja, n'kunena kuti, "Agogo, tagonani chagada, muyang'ane kudenga." Nthawi ya 6:00 amathira dontho limodzi la kuloramufenikolo, agogo n'kutseka diso. Poti disolo lachitidwa opaleshoni kumene, amakoka chikope cham'munsi chokha mosamala, ndipo salisindikiza ngakhale pang'ono. Nthawi ya 6:05 amakhutchumula puredinisoloni n'kuthira dontho limodzi. Amachitanso chimodzimodzi pa 11 koloko ndi pa 4 koloko. Usiku pamakhala masitepe atatu: kuloramufenikolo pa 9:00, puredinisoloni pa 9:05, ndipo mafuta pa 9:10 kapena mochedwerapo. Ntchito yonse ya usiku siposa mphindi 15.

Tsiku lina agogo apita kumaliro ndipo mankhwala a 11 koloko aiwalika. Akakumbukira cha m'ma 1 koloko, athire pomwepo n'kupitiriza monga mwa nthawi zonse. Akakumbukira nthawi ya 4 koloko itayandikira, angothira a 4 kolokowo, osawirikiza madontho. Kapepala kojambulidwa mizere, kokhomedwa pakhoma kuti azichongapo akathira, kamathandiza kwambiri pakhomo pamene othira amasinthana. Ndipo diso likayera agogo n'kuyamba kuona bwino, puredinisoloni sasiyidwa mwadzidzidzi. Adokotala ndi amene amanena mmene angachepetsere pang'onopang'ono, chifukwa kusiya msanga kumabweretsanso kutupa.

Mafuta a m'kachubu

Tetirasaikilini wa 1 peresenti ndi mankhwala opaka m'maso odziwika kwambiri m'zipatala zathu, ndipo ndi omwe amapakidwanso m'maso mwa makanda ongobadwa kumene. Ubwino wa mafuta ndi wakuti amakhalitsa m'diso kuposa madontho, n'chifukwa chake kawirikawiri amalembedwa kuti azipakidwa pogona.

Mawu akuti kupaka amasocheretsa ena, moti amafinyira mafutawo pachala n'kupaka pamwamba pa zikope. Malo ake ndi m'kati mwa kathumba kaja. Gwirani kachubu m'dzanja kwa mphindi imodzi kuti mafuta afewe. Kokerani chikope pansi, yang'anani kumwamba, n'kufinya kamzere ka mafuta kotalika pafupifupi sentimita imodzi motsatira m'kati mwa chikopecho, kuyambira kufupi ndi mphuno kupita kunja. Kuti kamzereko kaduke, potozani dzanja pang'ono m'malo mopukutira kamlomo pachikope. Tsekani diso kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, mukuliyendetsa uku ndi uku kuti mafuta afalikire.

Mukatsegula mudzaona mwachimbuuzi. Zimenezi n'zachilendo kwa wopaka koyamba, koma siziopsa ndipo zimatha pakapita mphindi zingapo. Musatikite diso, ndipo musayendetse galimoto, njinga kapena makina mpaka maso atayera.

Mwana wamng'ono savomera kukokedwa chikope. Mukulungeni m'chitenje kuti manja asafike kumaso, n'kumugoneka chagada pamiyendo panu. Ngati ali madontho ndipo mwanayo watsinzina, donthezani pangodya ya diso ya kumphuno iye ali chigonere. Akangotsegula, dontho limalowa lokha. Mafuta ndiye amafuna anthu awiri, wina wogwira mutu, wina wopaka, kuti kamlomo ka kachubu kasamubaye akatembenuka mwadzidzidzi.

Kamlomo kasakhudze kanthu

Mankhwala a m'maso amachoka kufakitale alibe kachilombo ngakhale kamodzi, ndipo ambiri amathiridwa mankhwala ena oteteza kuti tizilombo tisaswane m'kabotolo. Chitetezo chimenechi chili ndi malire. Kamlomo kakakhudza nsidze, chikope, diso kapena chala, kamatola tizilombo. Mukasiya kufinya, kabotolo kamayamwa mpweya pobwerera m'chimake, ndipo kadontho kotsalira kukamlomo kamabwerera m'kati pamodzi ndi zimene katola. Kuyambira pamenepo mumakhala mukuthira tizilombo m'diso lomwe ndi lodwala kale, mwina lili ndi chilonda kapena bala la opaleshoni.

Zimene tizilombo ta m'kabotolo tingachite zinaoneka ku America m'chaka cha 2023. Madontho ena ofewetsa maso, omwe analibe mankhwala oteteza aja, anapezeka kuti ali ndi mabakiteriya osamva mankhwala ambiri. Anthu 81 anadwala, ena anasiya kuona, anayi anachotsedwa diso ndipo anayi anamwalira. Kumeneko vuto linachokera kopangira, koma mabakiteriya a mtundu womwewo amakhalanso m'madzi, m'dothi ndi m'malo achinyezi a pakhomo, ndipo akalowa m'chilonda cha pagalasi la diso amatha kuliwononga m'masiku ochepa.

Kamlomo kakakhudza diso lodwala kapena kakagwera pansi chotsegula, kusakatsuka ndi madzi a pampopi kapena a pachitsime, kapena kukapukuta ndi chitenje, chifukwa kuteroko n'kuwonjezera tizilombo. Pitani nako kwa a zamankhwala mukafotokoze zimene zachitika, ndipo kawirikawiri chanzeru ndi kusintha kabotolo. Musakulitsenso kabowo ndi singano kapena phini poganiza kuti mankhwala akutuluka mochedwa.

Kabotolo kamodzi ndi ka munthu mmodzi. Matenda a maso ofiira atafala m'dziko muno m'chaka cha 2024, kuyambira ku Karonga, m'makomo ambiri munadwala anthu angapo nthawi imodzi. Zikatero n'zosavuta kuti kabotolo kamodzi kazungulire banja lonse mpaka kwa aneba, pamene matenda oterewa amafala kudzera m'manja, m'nsalu zopukutira ndi m'zinthu zokhudza maso. Kubwerekana kulinso ndi ngozi ina yaikulu. Maso ofiira sakhala ndi choyambitsa chimodzi. Madontho a m'gulu la masiteroidi, monga puredinisoloni wa agogo aja, dekisametazoni ndi betametazoni, amayeretsa diso msanga moti anthu amawatama. Koma akathiridwa padiso lomwe lili ndi chilonda amachikulitsa, ndipo akagwiritsidwa ntchito kwa milungu yambiri popanda kuyezedwa amatha kuyambitsa gulakoma ndi ng'ala. Amene anathandiza agogo akhoza kuchititsa khungu mdzukulu. Chimodzimodzinso mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a shuga ndi utomoni wa mitengo, zonsezi zilibe malo m'diso.

Masiku 28, ndi posungira

Pakabotolo pamalembedwa deti limene mankhwala adzathere mphamvu, koma detilo limanena za kabotolo kosatsegula. Kakatsegulidwa, kuwerenga kumayambira tsiku lomwelo, ndipo lamulo lofala ndi lakuti katayidwe pakatha masiku 28 ngakhale mutatsala mankhwala, pokhapokha ngati pepala la m'katoni lanena zina. Kachubu ka mafuta nakonso n'chimodzimodzi. Tsiku lotsegula lembani deti pakabotolo kapena pakatoni. Kotsegulidwa pa 3 Juni kamatayidwa pa 1 Julayi. Wodwala gulakoma, amene amathira moyo wake wonse, azikatenga kena masiku amenewa asanakwane kuti pasakhale tsiku lodumpha. Pali timachubu tina tapulasitiki tating'ono tothyola kumutu, topanda mankhwala oteteza. Timeneti ndi togwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya.

Musanathire, yang'anani mankhwalawo pamalo owala. Amene anali oyera koma achita mbuu, asintha mtundu kapena muli tizinyalala, komanso kabotolo kamene kamlomo kake kachita makoko kapena kang'aluka, atayeni. Pogula kapena polandira, onetsetsani kuti chomatira cha pachitsekero n'chosadula.

Kutentha kumapha mphamvu ya mankhwala. Madontho a kuloramufenikolo ambiri amafuna kusungidwa m'firiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo latanopurosti wa gulakoma nthawi zambiri amafuna firiji asanatsegulidwe. Asaikidwe kumene kumaumitsa madzi kuja. Ngati pakhomo palibe firiji, nenani polandira mankhwala, chifukwa nthawi zina pamakhala mtundu wina wopirira kutentha. Ena onse asungeni pamthunzi pozizirira, m'kachitini kouma kotseka bwino, pamene ana sangafikire. Pawindo, kufupi ndi moto, pansi pa malata ndi m'galimoto yoima padzuwa ndi malo owononga mankhwala.

Ovala magalasi omata padiso aziwachotsa asanathire, n'kudikira mphindi 15 asanawabwezere, chifukwa amayamwa mankhwala oteteza aja n'kumanyeretsa diso. Diso likakhala ndi matenda, kapena pamene mukupaka mafuta, asavalidwe n'komwe mpaka adokotala atavomereza.

Pamene muyenera kubwerera kuchipatala

Kunyerenyetsa kwa kanthawi mutangothira, kachimbuuzi ka mafuta ndi kuwawa kukhosi n'zozolowereka. Zimene siziyenera kudikira ndi izi: ululu womka nukula, kuona kumene kukuchepa, kadontho koyera pakuda pa diso, diso lokana kuwala, mafinya ochuluka, zikope zotupa ndi kuyabwa kwambiri mutayamba mankhwala atsopano, komanso kubanika, chizungulire kapena mtima kugunda mochedwa. Amene wachitidwa opaleshoni akaona diso likuwawa, likufiira kwambiri kapena likuchita mdima, apite tsiku lomwelo osadikira deti limene anamulembera. Diso lofiira limene silikusintha patatha masiku awiri kapena atatu a mankhwala nalonso lionedwenso.

Popita tengani timabotolo tonse pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, ndipo pemphani namwino kapena adokotala kuti akuoneni mukuthira. Mankhwala ambiri amene amanenedwa kuti sakugwira amakhala kuti akugwera patsaya, akutsukidwa ndi anzake, atsekerezedwa ndi mafuta kapena akhalitsa chitsegulire. Wodziwa ntchito akakuonani mukuthira kamodzi kokha amatha kuzindikira pamene pakulakwika, ndipo kukonza pamenepo n'kosavuta kusiyana ndi kusintha mankhwala omwe analibe vuto.